Andichotsa ku koleji nditadwala TB, kalata ya apilo ndilembe bwanji?

Wobisa dzina: Mwaswera bwanji a gulu, a adimini chonde mundibise dzina. Ndine mnyamata wa chaka chachiwiri pa koleji ina kuno kumudzi, ndalandira kalata yoti andichotsa chifukwa ndalephera makosi 4 mwa 6 semesita yathayi, anzanga akuti ndawididwa. Chaka choyamba ndinkakhoza bwino, semesita yoyamba ya chaka chino avereji inali 62. Mu Febuluwale ndinayamba kutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kuonda mpaka lamba ndinaboola bowo lina, mu Malichi atayeza makhololo anandipeza ndi TB nkundiyambitsa mankhwala a miyezi 6, mu Epulo ndinagonekedwa masabata awiri nthawi yomwe anzanga ankalemba matesiti apakati pa semesita. Nditatuluka ndinabwerera ku kalasi ndipo mayeso a mu Juni ndinalemba onse ngakhale ndinali wofooka, ku ofesi sindinakanene chilichonse, amene ankadziwa ndi kilasi repu ndi lekichala mmodzi basi. Mankhwala ndamaliza mu Seputembala, ndachira. Kalatayo ikuti nditha kuchita apilo pasanathe masiku 14 kudzera kwa Rejisitala. Ndayamba kulemba koma yafika masamba anayi, ndafotokoza za umphawi wakwathu, mayi anga ogulitsa tomato, zonse. Kodi ndilembemo chani kwenikweni kuti andimvere, nanga ndipemphe chani?

Achimwene a ku Joni: Pepa mfana. Pita ku ofesi ya leba, munthu sachotsedwa ntchito chifukwa chodwala, lamulo limakana.

Mayi a mapasa: Achimwene werenganinso bwino, ndi sukulu iyi si ntchito ayi. Mwana wanga iwe lemba zonse za mumtima usasiye kanthu, akuluakuluwo nawonso ndi makolo, akamva za mayi ako amva chisoni. Ndipo upite wekha kwa Dini wa ophunzira akakuone ndi maso, ofesi imeneyo ndi yothandiza ana a mavuto ngati awa.

Mlembi wopuma: Zopita kwa Dini mayi anena zoona, pitani mawa lomwe. Koma za masamba anayi ayi, dulani ikhale tsamba limodzi kapena limodzi ndi theka. Ndinagwirapo ntchito mu ofesi yolandira makalata oterewa, komiti imakhala ndi mulu wa ma apilo ndipo pafupifupi aliyense amalemba za umphawi ndi matenda, chomwe amafuna kuona ndi chakuti masiku amene munadwala akugwirizana ndi masiku amene malikesi anagwa. Kalata ikhala ya Chingerezi inde koma zamkati zikhale motere. Pamwamba dzina, nambala yanu ya sukulu, pulogalamu, chaka, ndi deti la kalata yokuchotsaniyo. Chiganizo choyamba chinene kuti mukuchita apilo pa chifukwa cha matenda. Kenako madeti: tsiku lomwe anakupezani ndi TB, tsiku logonekedwa ndi lotuluka, ndiye pambali pake matesiti ndi ma asayimenti amene anadutsa masiku amenewo, kosi ndi kosi, ndi ma kodi ake. Tandiuzeni, pa kosi imodzi mwa zinayizo malikesi a mkalasi ndi a mayeso anali bwanji?

Wobisa dzina: Zikomo bambo. Kwathu za mkalasi ndi 40, mayeso 60, kukhoza ndi 50. Kosi ina ndinapeza 8 pa 40 chifukwa tesiti sindinalembe ndi asayimenti imodzi, mayeso ndinapeza 36 pa 60, zonse 44.

Mlembi wopuma: Eya, mfundo yanu yayikulu ndi imeneyo, iposa masamba anayi aja. 36 pa 60 ndi 60 peresenti, kutanthauza kuti pa mayeso munakhoza molingana ndi avereji yanu yakale ya 62, chinakugwetsani ndi 8 uja, ndipo 8 uja wachokera masabata amene munali pa bedi mchipatala. Ndi 8 mumayenera kupeza 42 pa 60 kuti mungofika pa 50. Lembani chimodzimodzi pa makosi onse anayi, ngati pali ina imene ndi mayeso omwe munagwa musabise ayi, malikesi ali nawo kale patebulo, mungonena kuti nthawi imeneyo munali mwezi wachitatu kapena wachinayi wa mankhwala.

Tsono funso limene adzakufunsani mosakayika ndi lakuti bwanji simunapemphe kupuma pa chifukwa cha matenda nthawi yomweyo, bwanji mwadikira zotsatira. Muliyankhe nokha mkalatamo asanafunse, mizere iwiri itatu, zoona zokhazokha, kaya simunkadziwa ndondomeko kaya munkaopa kutaya chaka, ndipo musaloze chala lekichala kapena koleji. Lekichala amene ankadziwa uja mpempheni kakalata kotsimikiza kuti munamuuza mu Epulo, ngati pali meseji ya pa foni yosonyeza deti isindikizeni. Pomaliza pemphani chinthu chimodzi chomveka, kuti kuchotsedwa chifukwa cha kulephera kusinthidwe kukhale kupuma chifukwa cha matenda, ndipo akuloleni kubwereza. Musangolemba kuti ndithandizeni, komiti siyingakusankhireni.

Nesi wa usiku: Ndionjezepo za mapepala. Buku la kuchipatala lokha ambiri amalikayikira chifukwa munthu atha kugula nkulembamo. Pita ku ofesi ya TB komwe unkalandirira mankhwala, kuli kaundula wokhala ndi nambala yako, tsiku loyamba mankhwala, zotsatira za makhololo ndi mmene unamalizira. Upemphe lipoti losainidwa ndi dokotala kapena kiliniko ofesala, chidindo chikhalepo, linene masiku ogonekedwa komanso kuti panopa wachira utha kuphunzira, mbali imeneyi ambiri amaiwala chonsecho komiti ikufuna kudziwa kuti ukabwerera sizibwerezanso. Khadi lako la mankhwala ujambulitse. Buku lonse usapereke, ujambule masamba a TB okha, zina zili mmenemo ndi zachinsinsi chako. Uyambe lero chifukwa lipoti limatha kutenga masiku.

Mtsikana wa chaka chachinayi: Ine zinandichitikira, ndinachitidwa opaleshoni, apilo yoyamba anandikanira ati poti ndinalowa mchipinda cha mayeso ndiye kuti ndinavomera kuti ndili bwino, komanso makosi ena ndinakhoza ndiye matenda anasankha makosi bwanji. Ndiye aise konzeka, makosi awiri unakhozawo adzakufunsa. Ineyo ndikuona ngati bola upemphe kulemba matesiti amene unaphonya okhawo osati kubwereza chaka chonse, fizi ya chaka china uyitenga kuti?

Mlembi wopuma: Chemwali mfundo ya fizi ndi yoona, koma ma koleji ena salola kutsegulanso malikesi a mkalasi Seneti, komiti yayikulu ya zamaphunziro pa koleji, ikavomereza zotsatira, ndiye atha kupempha chinthu chomwe malamulo salola nkukanidwa. Awerenge kabuku ka malamulo a ophunzira ka koleji yawo, atchule ndime yeniyeni mkalatamo. Atha kuyika pempho lalikulu kenako lachiwiri ngati loyambalo silitheka. Za makosi awiriwo aone ngati matesiti ake analembedwa asanagonekedwe, ngati ndi choncho yankho ndi lomwelo.

Kaka wa ku Ndirande: Osataya nthawi, pezani loya mupite ku khothi, ma komiti amenewa sasintha zimene anagamula.

Nesi wa usiku: Khothi lidzamufunsa ngati anatsata kaye njira za pa koleji, asadumphe apilo. Ndipo popereka utenge makope awiri, imodzi akudindire deti lolandirira usunge, usangotumiza pa imelo nkukhala.

Wobisa dzina: Zikomo nonse, ndayang'ana, kosi imodzi mwa ziwirizo tesiti yake tinalemba mu Malichi ndisanagonekedwe, inayo inali ya pulojekiti ya pagulu. Ku ofesi ya TB ati lipoti lituluka Lachisanu la sabata yamawa pomwe masiku 14 akutha Lachitatu lisanafike Lachisanulo, kodi ndingapereke kalata ndi khadi lokha nkulemba kuti lipoti likubwera? Komanso ndili pa loni, amene munabwerezapo chaka, loni inapitirira kapena munalipira nokha?