Sivi ikutuluka pawiri mu Notepad, ndikhulupirire iti?

Nachisale

Anzanga thandizeni, yatha nthawi ndipo ntchitoyo akutseka Lachisanu. Ndili ndi sivi ya kasitomala, wa zowerengera ndalama, akufunsira ntchito ku bungwe lina lomwe salandira pa imelo, umachita kukweza fayilo pa tsamba lawo. Templeti yake ndi ija ya madanga awiri, kumanzere kadanga kopapatiza ka maluso ndi zilankhulo, kumanja ntchito zomwe wagwira. Ndachita monga mwa masiku onse, Ctrl+A, Ctrl+C mu Word, kumata mu Notepad. Dzina palibe, foni palibe, danga lonse la kumanzere palibe. Ndatsegula PDF yake n'kuchita chimodzimodzi, zonse zabwera koma zasakanikirana, mzere wa maluso ukulowa pakati pa mzere wa ntchito. Chondinyansa kwambiri, mawu ena aduka, Accounting yatuluka `Accoun ng`, Administration yatuluka `Administra on`. Pa sikirini zikuoneka bwinobwino. Ndiye makina aja osefa ma sivi a ofunsira ntchito awerenga ziti, za Word kapena za PDF?

Che Jafali

Tumizani ya Word basi achemwali. PDF ndiye imabweretsa zonsezi.

aGama

Che Jafali, werenganinso. Ya Word ndi yomwe yataya dzina ndi foni.

Mayi Nachisale, muli ndi mavuto atatu osiyana ndipo Notepad sikunama pa lililonse. Choyamba dziwani kuti mwayesa mafayilo awiri, pomwe makinawo adzaona imodzi yokha, yomwe mudzakweze. Sankhani kaye yotumiza, muziyesa imeneyo.

Za Word zija: dzina ndi foni zili mu Header. Dinani kawiri pamwamba pa tsamba muona kuti ndi momwemo. Ctrl+A mukaidina muli m'thupi la chikalata sitenga za mu Header kapena Footer, chifukwa Word imazisunga padera. Mukafuna kudzionera, pangani kope la fayiloyo, sinthani `.docx` ikhale `.zip`, tsegulani. Mupeza `word/document.xml`, ndipo pambali pake pali ina ngati `word/header1.xml`. Pulogalamu yomwe imangowerenga yoyambayo sidzalipeza dzina la munthu wanu. Zilipo zomwe zimawerenga zonse ziwiri, koma inu simukudziwa kuti bungwelo lili ndi iti, ndiye musabetche. Dulani dzina, foni ndi imelo muziike ngati mizere itatu yoyamba ya thupi.

Danga la kumanzere lija si danga lenileni, ndi Text Box yoyandama. Dinani m'mphepete mwake, mukaona timabokosi ta m'makona ndiye yomweyo. Mawu a m'menemo sali mu mndandanda wa ndime za chikalata, bokosilo langomangiriridwa pa ndime ina, n'chifukwa chake pomata mu Notepad asowa onse.

Nachisale

Ndadina, ndi Text Box zoona, zilipo zitatu zosanjikizana. Nanga zilembo zodukazi?

aGama

Onani kuti paliponse pomwe paduka pali t ndi i zoyandikana. Ndikukhulupirira fonti yake ndi Calibri. Fonti imeneyi ili ndi chilembo chimodzi cholumikiza ti, china tt, china fi. Zikalowa mu PDF zimajambulidwa ngati kachilembo kamodzi, ndipo fayiloyo imayenera kusunga kamndandanda konena kuti kameneka kakuimira t ndi i. Chopangira PDF chikapanda kulemba kamndandandako bwino, maso amaona Accounting koma wokopa amapeza mpata kapena kabokosi. Wolemba ntchito akasaka mawu oti Accounting m'makina ake, sivi imeneyi situluka, ngakhale mawuwo alembedwa kasanu.

Kukonza kwake: sankhani mawu onse, Ctrl+D, pitani pa Advanced, pa Ligatures ikani None. Muchitenso m'mabokosi muja ngati simunawachotse, chifukwa Ctrl+A siwakhudza. Kenako PDF muipange ndi Save As mu Word momwemo, osati kudzera ku Print. Mukatero kopaninso, ndipo mu Notepad dinani Ctrl+F musake mawu asanu kapena asanu ndi limodzi omwe ali mu chilengezo cha ntchitoyo. Osangoyang'ana ndi maso, maso amadzaza okha chilembo chosowa.

Che Jafali

Mwaona? Zonsezi n'za PDF. Mu Word t ndi t, i ndi i, palibe cholumikizana. Ndanena kale.

NaBanda

Pa zilembo mukunena zoona Che Jafali, mu `.docx` zimasungidwa zili zosiyana. Koma kutumiza fayilo ya Word yomwe ili ndi mabokosi atatu ndi Header sikuchiza kanthu. Komanso ya Word ili ndi msampha wake. Ngati wina anakonzapo sivi Track Changes ili yoyatsa, mawu ofufutidwa amakhalabe m'fayilo mpaka mutadina Accept All Changes, ndipo ndemanga za m'mbali zimapita nawo. Ife okonza ma sivi a anthu tizisamala pamenepa, mawu oti "apa wonjezerani zaka" asakafike kwa bwana.

Chikondi wa ku Zomba

Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kumene ntchitoyi. Ndiye kuti tizitumiza ya Notepad yomweyo kuti makina asavutike?

NaBanda

Ayi mwanawe, Notepad ndi poyesera chabe. Makina akatha kusefa, sivi imakafika kwa munthu, ndipo munthuyo amatsegula fayilo yomwe unakweza. Imeneyo iyenera kuoneka bwino. Mawu a mu Notepad umangowasunga kuti uzimata m'mabokosi a fomu pa tsamba lawo.

Bambo Mvula

Ndilowererepo pa za kusakanikirana, chifukwa apa ndi pomwe mayeso a Notepad amasocheretsa anthu. PDF sidziwa kuti ili ndi madanga. Imangosunga kuti mawu awa ali pa malo akuti, awa pa malo akuti. Dongosolo lowerengera amachita kulingalira ndi pulogalamu yomwe mwatsegulira. N'chifukwa chake fayilo yomweyo mukaikopa mu Chrome ndi mu Acrobat Reader mukhoza kupeza zosiyana. Amene muli ndi `pdftotext`, kapulogalamu kotulutsa mawu mu PDF, yesani katatu:

```
pdftotext sivi.pdf a.txt
pdftotext -layout sivi.pdf b.txt
pdftotext -raw sivi.pdf c.txt
```

Yoyamba imayesa kulondola momwe munthu angawerengere, yachiwiri imasunga maonekedwe a tsamba ndiye madanga amakhala moyandikana pa mzere umodzi, yachitatu imatsata momwe mawuwo analembedwera m'kati mwa fayilo. Zitatuzi zikagwirizana pa dongosolo, sivi ndi yolimba. Zikasiyana kwambiri, ndiye kuti zotsatira zidalira makina a bungwelo.

Chomwe chimaonongeka si kukongola kokha. Makinawo amafuna kumanga ntchito iliyonse pamodzi: udindo, kampani, tsiku loyamba, tsiku losiya. Tiyerekeze kumanja kuli Assistant Accountant, pansi pake 2019 mpaka 2022, ndipo kumanzere pa mulingo womwewo kuli Chichewa, Tumbuka. Powerenga modutsa tsamba zituluka chonchi:

```
Chichewa Assistant Accountant
Tumbuka 2019 - 2022
```

Udindo wa munthu wasanduka Chichewa Assistant Accountant, ndipo zaka zija zikhoza kumatidwa pa china chake kapena kutayika. Kenako fomu ionetsa ngati alibe zaka zitatu zomwe akufunazo.

Tsono mayesowa muziwamva motere. Chomwe chasowa kapena kuduka mu PDF, monga zilembo zija, chimenecho ndi cholakwika ndithu ndipo chikonzedwe. Koma dongosolo likatuluka bwino mu Notepad si umboni woti makina awo aliwerenganso bwino. Mwangoona momwe pulogalamu imodzi yawerengera.

Che Jafali

Bambo Mvula, makasitomala athu adziwa bwanji za `pdftotext`? Word, danga limodzi, nkhani yatha.

Bambo Mvula

Danga limodzi ndikugwirizana nanu. Za mtundu wa fayilo, tsatirani zomwe tsambalo lalemba pa batani lokwezera. Akati PDF yokha mutani?

Mayi a Tadala

Ine chomwe chimandipweteka ndi masikani. Munthu wasindikiza sivi, wasaina, wajambula ndi foni, wapanga PDF. Imeneyo ndi chithunzi basi. Ctrl+A imangodetsa tsamba lonse kapena osasankha kanthu, Notepad imakhala mbee. Ena amakana, amati koma ndikutha kusaka mawu. Zimatheka ngati pulogalamu yosikanira inaikamo mawu obisika kuseri kwa chithunzi, koma mawu amenewo ndi ongoganizira. Matani mu Notepad muone nambala ya foni: 0 amasanduka O, 1 amasanduka l, imelo imaduka pa kadontho. Munthu n'kudikira foni yomwe sidzalira.

Ngakhale mu Word muli kamsampha kofanana. Pa Save As mukasankha PDF, dinani Options. Pali mzere woti Bitmap text when fonts may not be embedded. Ngati templeti ili ndi fonti yotsitsa pa intaneti yomwe silola kulowetsedwa m'fayilo, mawu a fonti imeneyo amasanduka chithunzi. Kawirikawiri fonti yokongoletsayo imakhala pa dzina ndi pa mitu, ndiye zimasowa zomwezo.

NaBanda

Poti tafika pa zilembo, samalani ndi ŵ. Wina akalemba Malaŵi pa adiresi kapena pa dzina la sukulu, wosaka Malawi sangamupeze ngati makinawo satenga ŵ ndi w ngati chimodzi. Pa sivi yokwezedwa pa tsamba ine ndimalangiza w wamba, kupatula ngati mwini dzina akufuna lilembedwe momwemo. Ndipo posunga mayeso anu mu Notepad onetsetsani kuti Encoding ili pa UTF-8. Mukasunga pa ANSI ŵ mulibemo, imasinthika, ndiye mudzaimba mlandu sivi pomwe wolakwa ndi fayilo yanu yoyesera.

Tizithunzi ta foni ndi envelopu tija nato timatuluka ngati timabokosi, nthawi zina n'kumatirira ku nambala. Lembani mawu enieni, Phone, Email, kenako nambala yoyamba ndi +265. Timizere tosonyeza luso, tija todzaza theka, situluka n'komwe. Excel imangotsala yokha popanda chonena kuti munthuyo amaidziwa motani.

Chikondi wa ku Zomba

Nanga zija amanena zolemba mawu a m'chilengezo ndi utoto woyera pansi pa tsamba?

aGama

Yesa wekha, mata mu Notepad. Utoto umachoka, mawu onse amaonekera poyera, ndipo wolemba ntchito akatsegula mawu omwe makina atulutsa amawaona chimodzimodzi. Usamuchitire kasitomala zimenezo, umuphera mwayi.

Mayi Nachisale, mukamaliza kukonza pali mayeso amodzi oposa Notepad. Masamba ambiri, monga a Workday, amadzaza okha fomu kuchokera mu sivi mukangokweza. Musanadine Submit werengani bokosi lililonse, makamaka udindo ndi madeti. Pamenepo ndiye mukuona zomwe makina awo enieniwo awerenga, ndipo cholakwika mukhoza kuchikonza pamanja. Madeti alembeni mofanana paliponse, mwezi ndi chaka, osati pena 03/19 pena March 2019.

Che Jafali

Ndipo mukakweza ya Word fomuyo imadzaza bwino. Yesani zonse ziwiri mudzandiuza.

Mayi a Tadala

Funso langa ndi la matebulo. Ambiri timaika maphunziro mu tebulo, chaka, sukulu, satifiketi. Mu Notepad imatuluka mzere ndi mzere bwinobwino kuchokera mu Word, koma ndaonapo PDF ikutulutsa zaka zonse kaye kenako masukulu onse. Alipo amene amasiyabe tebulo la maphunziro, kapena nonse munasamukira ku mizere wamba?