Thandizeni, tsamba la chimanga changa lasanduka chikasu, ndi matenda kapena njala?

Abale anga pa gulu pano ndaponya chithunzi cha tsamba limodzi lomwe ndathothola mmawa uno. Chimangachi chili ndi masabata 7 chibzalireni, ngayaye sizinatuluke. Chikasu chayambira kunsonga ya tsamba nkumatsika potsata mtsempha wapakati uja, mmbali mwa tsamba mudakali mobiriwira, koma palinso banga limodzi lalitali louma ngati lapsa ndi moto. Feteleza wokulitsa ndinathira, wobereketsa ndinathira theka chabe ndiye mvula yakhala ikugwa pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri. Ndipopere mankhwala kapena ndiwonjezere yureya? Mtima suli mmalo.

Mnyamata wa khasu: Amayi poperani msanga zimenezo ndi mbozi, kwanga chaka chatha zinandimalizira munda ndikuyang'ana.

Mlimi wakale: Ayi achimwene, mbozi zimadya tsamba, mumaona mabowo kapena malo oyera opyapyala ngati pepala ndi ndowe zake zangati utuchi mkati mwa nsonga. Pa chithunzichi palibe bowo olo limodzi. Amayi, ine zomwe ndikuona ndi zinthu ziwiri zosiyana pa tsamba limodzi. Chikasu choyambira kunsonga nkulowa pakati ngati chilembo cha V nthawi zambiri chimakhala kuchepa kwa nayitirojeni, ndipo nkhani yanu ya mvula ikugwirizana nazo chifukwa mchere umenewu sumachedwa kukokoloka kapena kulowa pansi pomwe mizu sikufika. Chikanakhala kuti chapsa mmbali pakati pali pobiriwira tikanaganiza za potaziyamu. Koma funso lalikulu chithunzi sichikuyankha, tsambali mwalichotsa pati? Nayitirojeni akachepa mbewu imamusamutsa kuchoka mmasamba akale kupita ku atsopano, ndiye chikasu chimayambira mmunsi nkumakwera. Ngati ndi masamba ammwamba omwe ayezuka ndiye kuti nkhani ndi ina, mwina salufa.

Wofunsa: Zikomo bambo. Ndi lachitatu kuchokera pansi, ammwamba ali bwinobwino. Ndipo si munda onse, kwambiri ndi kumunsi komwe madzi amaima.

Mayi wa mapasa: Ndiye basi ndi njala imeneyo, thirani yureya mawa lomwe, banga linalo langouma ndi njala yomweyo.

Mlimi wakale: Pa njala mwina mwalondola mayi koma pa mawa lomwe ndikukana. Pamene madzi aima mizu imasowa mpweya, siyamwa chakudya ngakhale chitakhalapo, ndipo yureya wothira mu matope ambiri amangotayika. Ayambe atsegula njira madzi achoke, nthaka ikakhala yachinyezi chabe ndiye athire nkukwirira. Nthawi ilipobe pang'ono poti ngayaye sizinatuluke, ngakhale tsamba lomwe lafa kale silibwereranso, muziyang'ana atsopano.

Banga lija ndi lomwe sindikufuna kulumbira. Ndalikulitsa pa foni, likuoneka lalitali, lotambalala pakati losongoka mbali zonse ngati bwato, mwina masentimita 8 kapena 10 koma palibe choyezera pafupi ndiye ndikungoganiza. Chiwawu china cha mafangasi chimaoneka choncho ndendende, chimakonda chinyezi chokhalitsa ndipo nachonso chimayambira masamba ammunsi. Pali chinanso chomwe mabanga ake ndi ang'onoang'ono a makona anayi otsekeredwa ndi mitsempha, chimenecho sindikuchiona. Vuto ndi loti mwajambula padzuwa lowala, mtundu weniweni wa bangalo watayika, ndipo banga limodzi likhoza kungokhala pomwe tsamba linathyoka nkuuma.

Mtsikana wa kudimba: Ine changa chili ndi timizere tachikasu todukaduka pa masamba atsopano, mapesi ena apa ndi apo komanso ndi afupi, ndi zomwezi?

Mlimi wakale: Zanu zikumveka ngati vayirasi wofalitsidwa ndi tizilombo todumphadumpha toyamwa madzi a mmasamba, feteleza sangachize. Yambitsani funso lanu padera ndi chithunzi tisasokoneze. Amayi ofunsa, chitani izi: yendani mmunda muwerenge mapesi 20 kumtunda ndi 20 kumunsi, angati ali ndi banga la bwatolo. Jambulani phesi lonse mu mthunzi, kuseri kwa tsamba, ndi bangalo mutaika chala pambali. Tsamba limodzi liikeni mu jumbo ndi kapepala konyowa masiku awiri, ngati ndi fangasi uja pa banga pamamera tinthu takuda ngati mwaye. Fukulaninso phesi limodzi la kumunsi, mizu yabwino imakhala yoyera, yovunda imada ndi kununkha.

Mayi wa mapasa: Koma masiku awiri akudikira matenda sakhala akufala? Ine ndikanapopera kale.

Wofunsa: Ndangobwera kumunda, pa mapesi 20 a kumunsi 4 ali ndi banga, kumtunda 1 yekha, onse ndi masamba apansi. Mizu sindinafukule kwada. Tsamba ndaika kale mu jumbo, zithunzi zina nditumiza mmawa.