Za maganizo ondisowetsa tulo aja: ndabweranso

Ndidafunsa kuti: "Abwana akapanda kundiyankha moni, ndimangoti andida ndipo ntchito yatha. Nditani?"

Zikomo nonse munandiyankha. Ndidatsatira malangizo olemba ganizolo papepala, umboni wolivomereza mbali ina, wolitsutsa mbali ina. Wovomereza unali umodzi wokha: sanayankhe. Wotsutsa unachuluka: mmawawo ankathamangira kumsonkhano ku Chinamwali, foni ili kukhutu, ndipo dzulo lake adayamikira lipoti langa. Apa ndidaona kuti ndimadziyesa wodziwa za mumtima mwawo, kenaka nkulumphira pa mapeto oipitsitsa.

Ndidalemba ganizo lina: "Mwina atanganidwa, ngati pali vuto, andiuza." Mantha sanatheretu, koma tulo ndidagona.

Wina akamayesa, asalembe zodzitonthoza ngati "zonse zili bwino". Mtima umakana. Alembe chokhacho chimene umboni ukuloleza.