Mwana wasiya kuyankha m'Chiyao, nditani?

Abale, thandizeni nzeru. Kwathu kuno ku Salima, kufupi ndi Senga Bay, pakhomo timayankhula Chiyao, kumsika Chichewa, pomwe kusukulu ndi kumaofesi amafuna Chingerezi. Mwana wanga wa sitandade 5 wasiyiratu Chiyao. Agogo ake akamufunsa kanthu, amamva bwinobwino koma amayankha m'Chichewa, ati anzake amamuseka kuti ndi wakumudzi. Agogowo zikuwapweteka mtima kwambiri.

Chingerezi sindikuchikana, ndikudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Koma kodi Chiyao cha pakhomo chingamusokonezedi m'kalasi, monga ena akundiuzira? Aphunzitsi muli muno, mwaonapo zotani? Nanga makolo anzanga, munatani kuti mwana asachite manyazi ndi chiyankhulo cha makolo ake, popanda kumukalipira?