Ntchito yopanda mwini pa mndandanda tiichite bwanji?

Anzanga a zaumoyo, ndithandizeni nzeru. Ndine namwino kuno ku Angónia, ndipo ndine amene ndimalemba zokambirana pa msonkhano wathu wa Lachinayi, pomwe dokotala, anamwino, wa ku labu, wa zakudya ndi wothandiza mabanja timakambirana za odwala ovuta.

Zolembazo ndimazisandutsa mndandanda. Mzere uliwonse umakhala ndi nambala ya wodwala (dzina sindilemba), ntchito imodzi, mwini wake, tsiku lomaliza, ndi malo ochonga ikachitika. Chondivuta ndi mawu monga "makhololo ayezedwenso". Bambo wina wa chifuwa chachikulu anali atamaliza miyezi 2 ya mankhwala, nthawi yoti ayezedwenso. Tonse tinagwedeza mitu. Ine ndinalemba "labu" pa mwini, osaona kuti m'mawu amenewo muli ntchito zitatu: kulemba pempho, kutenga makhololo m'mawa, ndi kubweretsa zotsatira kwa dokotala. A labu ankadikira kabotolo, ife ku wodi tinkadikira pempho. Tinadzazindikira Lachinayi lotsatira, bambo aja atatuluka kale kupita kumudzi.

Tsopano ntchito zotere ndimazigawa mizere itatu, koma mafunso anga ndi awa. Msonkhano ukatha osatchula mwini, kodi wolemba ngati ine ndingaike dzina la munthu ndekha, kapena ndibwerere kwa wapampando? Ena amakwiya akaona dzina lawo pa ntchito imene sanavomere pakamwa. Nanga dokotala akangoti "mwamsanga", inu mumalemba tsiku liti? Ine ndimaika maola 48, koma ndi nzeru zanga chabe, palibe amene anandiuza.