Logo yasintha, mamokapu alipo 14: ndichite bwanji kuti ndisinthe kamodzi kokha?

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi mamokapu 14 a kasitomala mmodzi, zithunzi zoonetsa mmene logo idzaonekere pa zinthu, iliyonse fayilo yakeyake ya Photoshop, PSD: tisheti, chipewa, chikwangwani, chitseko cha galimoto, botolo, ambulera ndi zina. Logo yake ikukonzedwabe, ndiye akasintha kanthu ndimayenera kutsegula onse n'kuikamo yatsopano. Ndikufuna ndizisintha malo amodzi, enawo azitsatira okha. Photoshop yanga ndi 2024.

Yamikani: Nkhani yaing'ono iyi achemwali. Dinani kumanja pa leya ya logo, Convert to Smart Object, kenako Ctrl+J n'kumagawa makopewo. Ikabwera yatsopano, Replace Contents pa imodzi, onse asintha.

aGondwe: Zimene wanena Yamikani n'zoona, koma zimathera m'kati mwa fayilo imodzi. Makope a Ctrl+J amamwa pachitsime chimodzi, koma mukakokera kope ku PSD ina, logoyo imakasungidwa payokha kumeneko ndipo chibale chatha. Dziwaninso kuti New Smart Object via Copy imadula chibalecho dala, ngakhale mufayilo yomweyo.

Kwa mafayilo 14 mukufunika logo yolumikiza. Njira imeneyi inabwera mu Photoshop CC kumayambiriro kwa 2014, ndiye yanuyo ili nayo. Pangani fayilo imodzi, muitchule `logo_master.psd`, kanivasi ya mapikiselo 3000 x 3000 pa 300 ppi, kumbuyo kopanda kanthu. Logo ikhale pakati, musiye mpata m'mbali monse. Isungeni mufoda ya Links pafupi ndi mamokapuwo. Mu mokapu iliyonse chotsani logo yakale, pitani File > Place Linked, sankhani fayilo ija, n'kuipendeketsa ndi Distort kapena Warp kuti igone bwino pa chinthucho. Mukaona kachizindikiro ka unyolo pa leya, zalumikizana. Ntchito yotopetsa ndi ya tsiku loyambalo basi. Kuyambira pamenepo, logo yatsopano muziiika m'kati mwa `logo_master.psd`, kuzimitsa yakale, Ctrl+S. Dzina la fayilo lisasinthe, kanivasi isasinthe.

Tadala: Zikomo bambo Gondwe. Nanga kanivasi ikuvuta pati? Replace Contents ndinaiyesapo pa chikwangwani, logo inatuluka chimphona, yosefukira mpaka kunja.

aGondwe: Vuto lake ndi lomwelo. Photoshop imakumbukira kuti munachepetsa ndi kupendeketsa motani, koma poika chatsopano imayang'ana kukula kwake m'mainchi, osati mapikiselo okha. Mapikiselo 3000 pa 300 ppi ndi mainchi 10. Mapikiselo 3000 omwewo pa 72 ppi ndi mainchi pafupifupi 42. Ndiye kasitomala akakutumizirani PNG ya 72 ppi n'kuilowetsa m'malo mwa ya 300, imakula kupitirira kanayi. Onani Image > Image Size pa mafayilo onse awiri, mupeza kuti manambala a Resolution akusiyana. Kanivasi ikasintha mlitali kapena mlifupi, logo imasunthanso pamalo pake. N'chifukwa chake ndikuti kanivasi ikhale ngati chikombole cha njerwa: chimene mwathiramo chizisintha, chikombole ayi. Logo ikadzakhala yaitali chopingasa, ichepetseni kuti ikwane m'kati mwa 3000 momwemo.

Blessings: Bwanji osangopanga zonsezi mu CorelDRAW? Logo ikakhala ya vekita siphwanyika ngakhale muikulitse pa chikwangwani cha mamita atatu.

Yamikani: Sakudandaula za kuphwanyika achimwene. Izi ndi zithunzi zoonetsa kasitomala, zokhala ndi mithunzi ndi makwinya a nsalu. Zosindikiza n'zina.

Esnart: Koma mawu a Blessings ali ndi pogwira. Fayilo ya Illustrator nayo imalumikizika ndi Place Linked. Chenjezo n'lakuti pa bokosi limene limatuluka, Crop To ikakhala pa Bounding Box, malire amatsatira chojambulacho, ndiye logo ikasintha maonekedwe, malire asinthanso. Sankhani Media Box kuti izitsatira pepala lonse.

Chimene sichinatchulidwe ndi ichi, ndipo chimapusitsa ambiri: mafayilo otseka sasintha okha. Amene ali otsegula pamene mukuseva `logo_master.psd` amasintha pomwepo. Otsekawo amasungabe chithunzi chakale mpaka muwatsegule, ndipo pa leya pamaoneka kachizindikiro kachikasu. Pamenepo Layer > Smart Objects > Update All Modified Content, n'kuseva. Chizindikiro chofiira chikutanthauza kuti fayilo siikupezeka, mwina mwasintha dzina kapena mwasamutsa foda. Mankhwala ake ndi Relink to File. Ma JPG amene munatulutsa kale ndiye sasintha n'komwe, ayenera kutulutsidwanso.

Tadala: Ndachita momwemo. Asanu ndi anayi asintha bwinobwino. Asanu amene ndinachita kudawunilodi akana, ndipo palibe chachikasu chilichonse.

Esnart: Ndikuganiza kuti munadina kawiri pa leya ija yolembedwa kuti muike ntchito yanu apa, n'kuchita Place Linked m'kati mwa PSB, fayilo ya zam'kati mwa Smart Object, imene inatseguka. Eti?

Tadala: Ee, ndi momwemo.

Esnart: Ndiye unyolo wabisala m'mimba mwa Smart Object ina. Photoshop imangoyang'ana zolumikiza za pamwamba, za m'kati siiziona, n'chifukwa chake palibe chenjezo. Muyenera kutsegula PSB ija, kuchita Update kumeneko, Ctrl+S, kutseka, kenako kuseva mokapu. Musachite Save As, chifukwa ikasungidwa kwina mokapu siimva kanthu.

Kuti muthane nazo, unyolo ukwere pamwamba. Tsegulani PSB, lembani kukula kwake ndi ppi yake pa Image Size. Tinene kuti ya chikwangwani ndi 4000 x 1500 pa 72 ppi. Pangani `logo_4000x1500.psd` ya miyeso yomweyo ndendende, ikanimo logo, bwererani ku mokapu, dinani kumanja pa leya ija, Relink to File. Kupendeka, mithunzi ndi Displace ya makwinya zikhala momwe zinalili chifukwa zili pa leya, osati m'kati. Kuipa kwake n'kwakuti mudzakhala ndi mafayilo aakulu awiri kapena atatu oti muzisintha, malinga ndi miyeso.

aGondwe: Ine pamenepo ndikusiyana nanu pang'ono mayi Esnart. Mafayilo atatu ndi mwayi utatu woiwala imodzi. Mokapu ikakhala yosavuta, ngati chikwangwani chathyathyathya, ndi bwino kuzimitsa leya yawoyo, kuika yanu pamalo pomwepo ndi Distort, n'kusamutsira masiki ndi Smart Filters. Za botolo ndi chipewa ndikuvomera, Warp yake ndi yovuta kuibwereza.

Yamikani: Nanga tisheti yakuda? Leya yake ikakhala pa Multiply, zoyera za mu logo zimasowa.

Esnart: Pa yakuda bwezani Normal. Logo ikakhala ya mtundu umodzi, Color Overlay yoyera pa leya ya mu mokapu ikwanira, ndipo siichoka logo ikasintha. Ikakhala ya mitundu ingapo, sungani zonse ziwiri mu `logo_master.psd` ngati Layer Comps, ina ya poyera ina ya pakuda. Mu mokapu, pa Properties, mumasankha imene leyayo izionetsa. Mukaikamo logo yatsopano kumbukirani kukonzanso ma Layer Comps onse awiri, apo ayi aonetsa yakale.

aGondwe: Za kutsegula 14 mmodzimmodzi: jambulani Action ya Update All Modified Content, Save, ndi Save a Copy ya JPG, muiyendetse pa foda yonse ndi File > Automate > Batch. Pa Errors sankhani Log Errors to File kuti fayilo imodzi ikavuta isaimitse onse. Potumiza ntchito kwa wina gwiritsani File > Package kuti zolumikiza zipite nawo limodzi.

Tadala: Chikwangwani ndi galimoto ndatsatira bambo Gondwe, zatheka. Botolo, chipewa ndi ambulera ndachita Relink to File. Ziwirizo zili bwino, koma pa ambulera logo ikuoneka m'mbali imodzi yokha mwa zinayi. M'foda ya maleya muli ma Smart Object anayi osiyana. Ndilumikize lililonse palokha, kapena pali chidule?