Masilaidi akuwerengeka chobwerera, ndipo tchati changa n'chofiira ndi chobiriwira

Nabanda: Akuluakulu ndi anzanga, ndithandizeni. Lachinayi ndikuphunzitsa atsogoleri a magulu a banki m'khonde, amene anzathu kuno amati mukando, ndipo maphunzirowo achitikira ku Belvedere, kuno ku Harare. Mmodzi mwa obwera ndi bambo wosaona wa ku Highfield, amagwiritsa ntchito NVDA, pulogalamu yomuwerengera mokweza zolembedwa, pa laputopu yake. Ndinamutumizira masilaidi 18 a PowerPoint dzulo kuti awawerengeretu. Wandiimbira m'mawa uno, mwaulemu ndithu, kuti pa silaidi yachisanu makina akuyamba ndi nambala ya tsamba, kenako mfundo yachitatu, kenako mawu akuti "Picture 7", mutu n'kubwera kumapeto. Pa tchati akuti akungomva "Chart 4" basi. Ndachita manyazi. Kwa ine silaidiyo ikuoneka bwinobwino. Ndiyambire pati?

Chisale: Achemwali, kulitsani zilembo. Ine ndimaika 28 kapena 32, ngakhale wokhala kumbuyo kwa holo amaona.

Nabanda: Zikomo achimwene, koma bamboyu saona n'komwe. Amamva ndi makutu zimene pulogalamu ikumuwerengera. Kukula kwa zilembo sikumufika.

Yamikani: Zimenezi ndinakumana nazo. Pitani pa Home, Arrange, Selection Pane, kapena dinani Alt+F10. Kumanja kubwera mndandanda wa zinthu zonse za pa silaidi. Kokerani mutu pamwamba, zinazo zitsatire m'munsi mwake mmene mukufunira kuti ziwerengedwe.

Nabanda: Ndachita zimenezo pa silaidi yachisanu n'kumutumizira. Akuti tsopano zayalana bwino koma chobwerera: mfundo yachinayi, yachitatu, yachiwiri, yoyamba, mutu pomaliza. Komanso bokosi la buluu limene linali kuseri kwa mawu lawaphimba mawuwo.

Mayi Gondwe: Mwana wanga Yamikani wakulozerani khomo lolondola, kungoti mndandanda umenewo umawerengedwa kuchokera pansi kupita pamwamba. Chifukwa chake n'chakuti Selection Pane imaonetsa mmene zinthu zasanjikizirana, ngati mapepala amene mwaunjika patebulo. Chimene munayamba kuika chili pansi pa mulu, ndipo pulogalamu yowerenga imayambira pomwepo. Ilibe nazo ntchito kuti chili kumtunda kapena kumanzere kwa silaidi. Ndiye mutu ukhale pansi penipeni pa mndandanda.

Ngati PowerPoint yanu ndi ya Microsoft 365 pali njira yosasokoneza mutu. Pa Review, pansi pa Check Accessibility, pali Reading Order Pane. Imeneyo imawerengedwa kuchokera pamwamba, ndipo chilichonse chili ndi nambala, 1, 2, 3. Koma dziwani kuti mulu wake ndi umodzimodziwo. Mukasuntha chinthu uku, kusanjikizana kumasinthanso pa silaidi. N'chifukwa chake bokosi lanu laphimba mawu: lakwera pamwamba pawo. Liikeni kuti libwere mawuwo asanafike, kenako dinani kumanja kwa mausi, View Alt Text, n'kuchonga Mark as decorative. Likatero likhala kuseri ndipo pulogalamu izingolidumpha.

Yamikani: Pepani a Nabanda, ndakusocheretsani. Ine ndinali ndi ya 365 kuntchito kwakale, ndasokoneza mindandanda iwiriyi.

Nabanda: Palibe kanthu. Yanga ndi ya 2016, Reading Order Pane sindikuiona, ndipo pa chithunzi sipakubwera View Alt Text.

Mayi Gondwe: Pa yakaleyo dinani kumanja, Format Picture, Size & Properties, Alt Text, mulembe mawu ofotokoza chithunzicho m'bokosi la Description. Poti pochonga kuti n'chokongoletsa mwina simupapeza, zokongoletsa zonse, bokosi lija ndi chizindikiro cha bungwe lanu, zisamutsireni ku View, Slide Master. Zimene zili kumeneko zimaoneka pa silaidi koma siziwerengedwa. Bamboyo asamve dzina la bungwe ka 18.

Ndikufunseninso: mutuwo munaulemba m'bokosi limene limati "Click to add title", kapena munalifufuta n'kujambula Text Box yanuyanu?

Nabanda: Ndinalifufuta. Linkandisowetsa mtendere, silimakhala pamene ndikufuna.

Mayi Gondwe: Gwero la vuto ndi limenelo. Bokosi limenelo ndi limene limauza pulogalamu kuti uwu ndi mutu. Munthu wosaona akamadumpha masilaidi amamva mitu, ndi mmene amadziwira kuti wafika pa ngongole kapena pa chiwongoladzanja. Popanda mitu amangomva nambala. Tsegulani View, Outline View. Silaidi imene pambali pa nambala yake palibe mawu, ilibe mutu weniweni ngakhale maso akuuona. Pa imeneyo dinani Home, Layout, musankhe Title and Content kapena Title Only, bokosi libwerera, musamutsiremo mawu. Mitu isafanane. Ngati ngongole yatenga masilaidi atatu, uliwonse unene mbali yake.

Mukamaliza musadalire maso. Dinani pamalo opanda kanthu pa silaidi, muzidina Tab. Chinthu chimene chikusankhidwa poyamba, chachiwiri, chachitatu, ndi mmene iye amvere. Silaidi imodzi sikutengerani ndi mphindi yomwe.

Nabanda: Tab uja wandionetsa zambiri. Masilaidi 11 analibe mutu. Pa chithunzi cha mmene ndalama zimayendera pali mabokosi 5 ndi mivi 4, ndipo Tab akudumphadumpha ngati chiwala. Nanga tchati? Ndilembe kuti "tchati cha kubweza ngongole"?

Mayi Gondwe: Mabokosi ndi miviyo isankheni yonse, Ctrl+G, ikhale chinthu chimodzi, mulembe kufotokoza kumodzi: membala asonkha, ndalama zilowa m'bokosi, wina abwereka, abweza ndi chiwongoladzanja, agawana kumapeto kwa chaka. Mukatero yesaninso, chifukwa mapulogalamu ena amalowabe m'kati mwa gululo.

Pa tchati, mawu amene mwanenawo ndi ofanana ndi kumuuza munthu kuti pakhomo pali kalata koma osamuwerengera. Tandiuzani, mukaimirira kutsogolo Lachinayi, mudzanena chiyani mukaloza tchaticho?

Nabanda: Ndidzati mwa magulu athu anayi, la ku Mufakose ndi limene likubweza bwino, 18 mwa mamembala 20 anabweza pa nthawi. Mbare 15, Highfield 14, koma Dzivarasekwa 9 okha, ndipo tikambirane chifukwa chake.

Mayi Gondwe: Mwalemba kale. Ikani zomwezo m'chilankhulo cha masilaidi anu: "Tchati cha mizati. Obweza pa nthawi mwa mamembala 20 pa gulu: Mufakose 18, Mbare 15, Highfield 14, Dzivarasekwa 9." Ziganizo ziwiri zakwana. Mfundo yakuti Dzivarasekwa yatsalira ikhale mutu wa silaidi, aliyense aione. Musayambe ndi "chithunzi cha", pulogalamu imanena yokha kuti ichi n'chithunzi. Ndipo Check Accessibility musaikhulupirire kwambiri apa. Imangoona ngati m'bokosi muli mawu, siidziwa ngati mawuwo ali ndi phindu.

Chisale: Apa ndiye ndilankhuleko, chifukwa ndi nkhani yanga. Tchati chimenecho ndachiona pa chithunzi mwatumiza chija. Mizati yofiira ndi yobiriwira kwa ine ndi yofanana, yonse ngati dothi louma. Ndinazindikira ndili wamkulu kale, pa msonkhano wina pamene bwana anati tiyang'ane madera ofiira pa mapu, anthu onse n'kugwedeza mitu, ine osaona kusiyana kulikonse. Ndinangokhala chete mpaka msonkhano kutha. Sindinauzepo anthu ambiri. M'holo yanuyo mukhoza kukhala wina ngati ine, makamaka mwa abambo, ndipo sadzakweza dzanja.

Nabanda: Achimwene, zaka zonsezi takhala tikugwira ntchito limodzi sindinadziwe. Zikomo ponena. Inuyo chimakuthandizani n'chiyani?

Chisale: Kulemba pa mzati penipenipo. Kabokosi ka m'mbali kofotokoza mitundu kamandizunza, chifukwa ndiyenera kufananitsa kadontho kakang'ono ndi mzati. Mukalemba "pa nthawi" ndi "mochedwa" pamwamba pa mizati, pamodzi ndi manambala, mtundu ulibenso ntchito. Pa tchati dinani kumanja, Add Data Labels. Mzati wina muupatse mizeremizere pa Pattern fill. Buluu ndi olenji ndimazisiyanitsa bwino.

Yamikani: Njira yachidule ndi View, Grayscale. Zikasiyana pamenepo ndiye kuti aliyense aziona.

Mayi Gondwe: Ikuthandiza, koma si mmene a Chisale amaonera. Iwo amaona mitundu, ina yokha ndi imene imasakanikirana. Chimene Grayscale ikuonetsani ndi kusiyana kwa kuwala, ndipo n'chofunikadi. Zofiira ndi zobiriwira za pa Standard Colors ndi FF0000 ndi 00B050. Kuwala kwake kumasiyana pang'ono kwambiri, pafupifupi 1.4 kwa 1, ndiye mtundu ukasokonekera palibe china chogwira. Yesani izi pa More Fill Colors, Custom:

```
0072B2   R 0    G 114  B 178
E69F00   R 230  G 159  B 0
```

Woyambayo ndi buluu wakuda, wachiwiri olenji wowala, amasiyana mtundu ndi kuwala komwe. Koma olenjiyo ndi wa mizati yokha, musalembere mawu pa tsamba loyera. Malamulo a WCAG, othandiza kuti olumala azitha kuwerenga za pa intaneti, amafuna 4.5 kwa 1 pakati pa mawu wamba ndi tsamba, 3 kwa 1 ngati zilembo ndi 18 kupita m'mwamba. Buluuyu pa zoyera amapitirira 5, olenji safika ndi 2.5 yomwe. Ndipo pulojekita masana, makatani a holo atang'ambika, imafwifwitsa zonse kuposa pa laputopu. Apa uphungu wa a Chisale wa zilembo zazikulu ukugwira ntchito.

Nabanda: Vuto ndi lakuti zofiira ndi zobiriwira ndi mitundu ya bungwe lathu. A ku ofesi yaikulu safuna tisinthe.

Yamikani: Siyani mitunduyo pa chizindikiro ndi m'mphepete, tchati chikhale chabuluu. Sadzaona n'komwe.

Chisale: Ine ndikuti musabise. Ngati akana, chobiriwira chikhale chakuda kwambiri, chofiira chikhale chowala chamizeremizere, ndipo mulembe pa mizati. Koma auzeni chifukwa chake, apo ayi chaka chamawa wina adzapanganso zomwezi.

Nabanda: Ndiwalembera lero, tione mmene ayankhire. Funso lomaliza: ndimutumizire PDF kapena fayilo ya PowerPoint yomweyo?

Mayi Gondwe: Mufunseni mwiniwake, anthu amasiyana. Akafuna PDF, musadzere ku Print n'kusankha Microsoft Print to PDF, chifukwa ntchito yonse mwagwirayi itayika, mitu ndi mafotokozedwe omwe. Dzerani ku Save As, musankhe PDF, pa Options muonetsetse kuti Document structure tags for accessibility yachongedwa.

Nabanda: Ndamufunsa. Akuti PowerPoint yomweyo, chifukwa amakonda kuwerenganso za m'munsi mu Notes. Ndamutumizira masilaidi asanu oyamba. Wayankha kuti mitu ikubwera poyamba ndipo manambala a tchati wawamva, wafunsanso kuti ku Dzivarasekwa kwatani. Chithunzi cha mabokosi ndi mivi akuti chikubwerezabe mawu a m'mabokosi pambuyo pa kufotokoza kwanga. Ndichisandutse chithunzi chimodzi kapena ndichisiye?

Mayi Gondwe: Ine ndikanachisiya, chifukwa chikakhala chithunzi simudzathanso kukonza mawu ake. Koma mufunseni ngati kubwerezako kukumusokoneza kapena kukungomuchedwetsa.

Nabanda: Ndimuimbira magetsi akabwera, batire yatsala pang'ono. Masilaidi 13 akudikira.